Linki ya mu selo ikasiya kufika pamene inkafika

*Funso: Ndimasunga kaundula wa katundu mu Excel, mwezi uliwonse tsamba lake, ndipo kutsogolo kuli tsamba la Chidule. Ndinaika malinki kuti ndikadina pa Chidule ndizifika pa chiwerengero chonse cha mweziwo. Nditasintha mayina a masamba, ena akulemba kuti "Reference isn't valid", ena akundifikitsa pamzere wolakwika. Ndikufunanso kuti nambala ya phukusi lililonse izitsegula tsamba lake pa webusaiti ya kampani yonyamula katundu. Ndichite bwanji?*

Mavuto anu awiri oyambawo gwero lake ndi limodzi, ndipo mukalimvetsa, la webusaitilo silikuvutani. Excel amasunga adiresi ya linki ngati mawu wamba. Sayiwerenga, sayitsata, saisintha. Amaiyang'ana pokhapokha mukadina, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene amazindikira kuti tsamba lotchulidwalo kulibenso.

Tiyambe ndi zinthu ziwiri zimene anthu amazitcha linki, chonsecho zimagwira ntchito mosiyana. Mukalemba izi mu selo ya pa Chidule:

```
=Malichi!F40
```

mwakoka chiwerengero chimene chili mu F40 ya tsamba la Malichi. Mukadina pamenepo simupita kulikonse, koma kulozaku ndi kwamoyo. Musinthe dzina la tsamba kukhala Malichi 2025, fomula idzilemba yokha `='Malichi 2025'!F40`. Muonjezere mizere itatu pamwamba, isanduka F43 popanda inu kuigwira. Tsopano onani iyi:

```
=HYPERLINK("#Malichi!F40","Onani Malichi")
```

Iyi ndiye imakunyamulani kukakutulani ku tsamba lina. Chizindikiro cha `#` chikuuza Excel kuti malowo ali m'fayilo yomweyi, asakafune kunja. Koma yang'anani pamene pali adiresi: ili pakati pa mitengero iwiri, `"` uku ndi `"` uku. Chilichonse chokhala m'kati mwa mitengero Excel amachitenga ngati mawu anu, monga momwe amatengera "Onani Malichi", ndipo sachikhudza ngakhale mutasuntha masamba onse. Linki yoikidwa ndi Ctrl+K, posankha Place in This Document, nayonso ili chimodzimodzi. Adiresi yake yangobisika kuseri kwa selo, koma ndi mawu omwewo osasuntha.

Ndiye zimene zinakuchitikirani ndi izi. Pamene munasintha dzina, adiresi inapitiriza kufuna tsamba lotchedwa Malichi, silinapezeke, Excel nadandaula. Limeneli ndi vuto labwinoko, chifukwa limadziulula lokha. Loopsa ndi lachiwirilo. Tsamba limene simunalisinthe dzina koma munaonjezeramo mizere, linki ikutsegulabe, palibe uthenga uliwonse, kungoti ikukutulani pa F40 pamene chiwerengero chonse chinatsikira pa F43. Munthu wothamanga awerenga nambala ya pa F40, imene tsopano ndi ya katundu wa mtundu umodzi, n'kuyesa kuti ndi ya mwezi wonse.

Musanakonze, pali kanthu kakang'ono kokhudza mayina a masamba kamene kamapunthwitsa ambiri. Dzina likakhala ndi mpata pakati, kapena kamzere ngati Malichi-2025, kapena likayamba ndi nambala, liyenera kutsekeredwa ndi kachizindikiro ka `'` mbali zonse ziwiri:

```
=HYPERLINK("#'Malichi 2025'!F40","Onani Malichi")
```

Kukayika ngakhale pa dzina losafunikira sikuononga kanthu, choncho ine ndimati muzingokayika nthawi zonse. Chovuta chimabwera dzinalo likakhala nako kale kachizindikiroko, monga tsamba lotchedwa Za m'nkhokwe. Excel akafika pa `m'` amayesa kuti dzina lathera pomwepo. Muyenera kukalemba kawiri motsatizana, `'Za m''nkhokwe'!A1`. Olemba mayina a masamba m'Chichewa amakumana nazo izi kawirikawiri, ndipo njira yosavuta n'kungopewa kachizindikiroko m'mayina a masamba, n'kukasiya m'mitu ya m'kati.

Mukhoza kupita selo ndi selo n'kulemba mayina atsopano pamanja, malinki n'kudzukanso. Koma tsiku limene mudzasinthenso dzina kapena kuonjezera mzere, mudzabwerera pomwe muli lero. Chofunika n'kupeza njira yoti adiresi isakhale mawu ouma, izichokera ku chinthu chimene Excel amachitsata. Njira zake zilipo ziwiri zimene ndimazidalira.

Yoyamba ndi kupatsa selo dzina. Pitani ku tsamba la Malichi, dinani pa selo ya chiwerengero chonse, kenako dinani m'kabokosi kamene kali kumanzere kwa pamene pamaoneka fomula, kotchedwa Name Box. Lembani `Zonse_Malichi` n'kudina Enter. Dzina lotere sililola mpata, n'chifukwa chake pali kamzere kapansi. Mukapanda kudina Enter dzinalo silisungidwa, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Tsopano linki ikhale yotere:

```
=HYPERLINK("#Zonse_Malichi",Zonse_Malichi)
```

Adiresi idakali m'mitengero, inde, koma mawuwo sakutchulanso tsamba kapena mzere. Akutchula dzina, ndipo dzinalo Excel amalisunga pamodzi ndi kuloza kwamoyo. Musinthe dzina la tsamba, muonjezere mizere makumi awiri, mudule selo ndi Ctrl+X n'kuimata kwina, `Zonse_Malichi` aziyenda nayo. Gawo lachiwiri la fomula ndalisiya lopanda mitengero dala, kuti pa Chidule pazioneka chiwerengero chenichenicho m'malo mwa mawu oti onani. Selo imodzi ikugwira ntchito ziwiri: kuonetsa nambala, ndi kukufikitsani kumene nambalayo yachokera. Ngati mafomula simuwakonda, njira yomweyi ilipo pa Ctrl+K. Pansi pa mayina a masamba pali mndandanda wa Defined Names, sankhani pamenepo. Malire a njirayi ndi akuti mukadzasintha dzina lenilenilo mu Name Manager, gawo lachiwiri lidzasintha lokha koma la m'mitengero lidzatsala, linki n'kufanso. Dzina mukalipereka, lisiyeni.

Kwa miyezi khumi ndi iwiri, kupereka mayina khumi ndi awiri si ntchito yaikulu. Koma ngati masamba ndi ambiri, njira yachiwiri imaposa. Pali fomula yotchedwa CELL imene imatha kufunsa selo kuti panopa ili pati:

```
=HYPERLINK("#"&CELL("address",Malichi!F40),Malichi!F40)
```

Tiyiwerenge pang'onopang'ono. `Malichi!F40` onse awiri ali kunja kwa mitengero, kutanthauza kuti ndi amoyo. `CELL("address", ...)` amatenga kuloza kwamoyoko n'kukusandutsa mawu, ndipo amachita zimenezi mwatsopano nthawi iliyonse fayilo ikawerengetsedwa. Chizindikiro cha `&` chimalumikiza `#` ndi mawuwo. Ngati fayilo yanu ndi Kaundula.xlsx, CELL atulutsa `[Kaundula.xlsx]Malichi!$F$40`. Tsopano yesani zonse ziwiri zimene zinakuonongerani malinki. Sinthani dzina kukhala Malichi 2025 ndipo onjezerani mizere itatu pamwamba pa chiwerengero chonse. Mukabwerera pa Chidule mupeza fomula yadzilemba yokha:

```
=HYPERLINK("#"&CELL("address",'Malichi 2025'!F43),'Malichi 2025'!F43)
```

ndipo adiresi yotuluka ndi `'[Kaundula.xlsx]Malichi 2025'!$F$43`, tizizindikiro ta `'` titaikidwa kale pamalo pake popanda inu kutiganizira. Mukafufuta tsamba lonselo kapena mzere umenewo, selo ionetsa `#REF!`. Musadandaule nayo, ndi yabwino kuposa linki yooneka bwino yopita kolakwika, chifukwa mumaiona musanadine.

Pokonza, musalembe `Malichi!F40` pamanja. Lembani fomula mpaka pa mpatuliro wotsatira `"address"`, kenako pitani ku tsambalo ndi mausi n'kudina selo yeniyeniyo, Excel alembe yekha. Zolakwika zambiri za kalembedwe zimathera pamenepo. Komanso pa makompyuta ena, malinga ndi dziko limene linasankhidwa poikonza, zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi `;` osati `,`. Fomula yolondola ikamakanidwa, yambani mwaona zimenezi. Chinanso, fomula yokopedwa kuchokera mu uthenga kapena mu Word nthawi zina imabwera ndi mitengero yopindika, ndipo Excel saizindikira. Ifufuteni n'kuilembanso pa kiyibodi.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale kuloza kwamoyo sikuchitsata, ndicho kusanja. Mukasanja mizere ya tsamba la Malichi ndi Sort, zolembedwa zimasinthana malo koma `A17` amakhalabe `A17`. Kwa chiwerengero chonse chimene chili pansi, kunja kwa mizere yosanjidwa, palibe vuto. Koma mukafuna linki yokufikitsani pa phukusi linalake, lolani Excel alifufuze yekha. Tinene kuti nambala ya phukusi ili mu B2 ya Chidule, ndipo pa Malichi manambala ali mu kolamu A:

```
=HYPERLINK("#"&CELL("address",INDEX(Malichi!A:A,MATCH(B2,Malichi!A:A,0))),"Onani")
```

MATCH amapeza mzere umene pali nambalayo, INDEX amaloza selo ya pamzere umenewo, zotsalazo ndi zomwe zija. Ziro wa kumapeto kwa MATCH akutanthauza kuti nambala ifanane ndendende. Mukamusiya, Excel amaganiza kuti mndandanda ndi wosanjidwa kuchokera pa yaing'ono ndipo akhoza kukupatsani mzere wa phukusi lina osanena kanthu. Nambala ikakhala kuti kulibe muona `#N/A`, ndipo ikapezeka kawiri linki ipita pa yoyamba yokha.

Tsamba lobisidwa ndi Hide silitseguka ndi linki ya mtundu uliwonse, muyenera kuliulula kaye. Ndipo pa tsamba la mwezi uliwonse ikanipo linki yobwerera, pamwamba penipeni, `=HYPERLINK("#"&CELL("address",Chidule!A1),"Bwererani")`, chifukwa kupita n'kosavuta koma kufufuza Chidule pakati pa masamba ambirimbiri kumatopetsa.

Tsopano za webusaiti. Apa `#` sakufunika, m'malo mwake pamafunika adiresi yathunthu yoyamba ndi `https://`. Musadalire kuti Excel adzaonjezera yekha. Adiresi yopanda chiyambi chimenechi akhoza kuiyesa dzina la fayilo ya pa kompyuta yanu, n'kukuuzani kuti "Cannot open the specified file". Uthenga umenewu ukabwera pa linki yoti ipite pa intaneti, yang'anani chiyambi cha adiresi musanayang'ane china chilichonse.

Simukufuna kuika malinki mazana ambiri pamanja, ndipo palibe chifukwa. Tsegulani webusaiti ya kampaniyo, fufuzani phukusi limodzi, kenako yang'anani adiresi imene yaoneka pamwamba pa bulauza. Fufuzani lachiwiri n'kuyerekeza maadiresi awiriwo. Kawirikawiri mupeza kuti zonse n'zofanana kupatula nambala. Tinene kuti mwapeza izi, pogwiritsa ntchito adiresi yachitsanzo chabe:

```
https://example.com/track?id=00417
https://example.com/track?id=00982
```

Gawo losasintha liikeni mu selo imodzi yokha, tinene H1, mpaka pa `id=`. Ndiye mu kolamu yoyandikana ndi manambala lembani izi n'kukokera pansi:

```
=HYPERLINK($H$1&B2,B2)
```

Zizindikiro za `$` zikugwira H1 kuti isasunthe pokokera, pamene B2 ikusintha kukhala B3, B4 mpaka pansi. Chifukwa choikira adiresi mu selo yakeyake ndi chomwe chija cha mawu ouma. Makampani amasintha mawebusaiti awo, ndipo tsiku limenelo mudzakonza H1 yokha, malinki onse n'kutsatira.

Ngati mwafufuza maphukusi awiri koma adiresi ya pamwamba sinasinthe n'komwe, webusaitiyo siika nambala mu adiresi, ndipo palibe fomula imene ingakufikitseni pa phukusi lenilenilo. Chimene mungathe n'kulozera ku tsamba lofufuzira, nambala n'kumaimata pamanja. Chimodzimodzi ngati mu adiresi muli chingwe chachitali cha zilembo zosamveka chimene chikusintha ulendo uliwonse mukalowa. Linki yotero imagwira lero, mawa yafa.

Chimene chimaononga malinki otere kwambiri si fomula, ndi nambala yeniyeniyo. Mukalemba 00417 mu selo wamba, Excel amataya maziro a kutsogolo n'kusunga 417. Ena amakonza maonekedwe a selo kuti maziro abwerere, pa sikirini n'kumaoneka 00417, koma chosungidwa chidakali 417, ndipo `&` amalumikiza chosungidwa osati chooneka. Linki ituluka `id=417`, webusaiti n'kuyankha kuti phukusi lotero silikudziwika. Ngati manambala onse ndi a madijiti asanu, konzani chonchi:

```
=HYPERLINK($H$1&TEXT(B2,"00000"),TEXT(B2,"00000"))
```

Manambala aatali ali ndi vuto lalikulu kuposa pamenepa. Excel amasunga molondola madijiti 15 okha. Nambala ya madijiti 18 mukailemba ngati nambala, atatu omaliza amasanduka maziro, ndipo TEXT sangawabweze chifukwa atayika kale. Mankhwala ake n'kusankha kolamu yonse, kuiika pa Text musanayambe kulemba, kenako kulembanso manambala amene anaonongeka. Koma samalani kuti Text ikhale pa kolamu ya manambala yokha. Kolamu ya malinki ikakhala pa Text, fomula siwerengetsedwa, imangooneka yonse monga mwailembera. Mukaona zimenezo bwezerani pa General, dinani F2 kenako Enter.

Nambala zina zimakhala ndi mpata kapena zizindikiro ngati `/` ndi `&`, zimene mu adiresi ya pa intaneti zili ndi ntchito yawoyawo. `&` mwachitsanzo amatanthauza kuti gawo limodzi latha, lina layamba, choncho AB&12 ifika ku webusaiti ngati AB yekha. ENCODEURL amasandutsa zizindikirozi kukhala zimene bulauza imamva, mpata kukhala `%20` ndipo `&` kukhala `%26`. Lembani `$H$1&ENCODEURL(B2)`. Mukulunge nambala yokha, osati adiresi yonse, apo ayi asintha ngakhale `://` linki n'kufa. Fomulayi inabwera ndi Excel 2013 ya pa Windows, ndipo mu Google Sheets ilimonso. Dziwaninso kuti pa Excel wa pa kompyuta adiresi yopitirira zilembo 255 yakhala ikubweretsa `#VALUE!` mu HYPERLINK. Maadiresi aatali chotero kawirikawiri amakhala ndi mchira wosafunika, ndiye yesani kudula zigawo za kumapeto mu bulauza muone ngati tsamba likutsegukabe.

Njira yachangu yoonera cholakwika pa linki iliyonse yomangidwa ndi `&` n'kuchotsa HYPERLINK kwakanthawi. Mu selo ina lembani `=$H$1&B2` yekha, muwerenge adiresi yotuluka ndi maso anu, muikopere mu bulauza. Maziro osowa, mpata wobisika kumapeto kwa nambala, `https` wolembedwa kawiri, zonse zimaonekera pomwepo. Kwa mizere imene nambala sinalembedwe, kulungani ndi `IF(B2="","", ...)` kuti isatsegule tsamba lopanda kanthu. Mukatero nthawi zina mtundu wa buluu ndi kamzere kapansi sizibwera zokha, koma linki imagwirabe. Mtunduwo ndi chovala chabe, mungauike pamanja.

Mudzavutikanso pang'ono posankha selo ya linki kuti muikonze, chifukwa kudina kumakuthamangitsirani kwina. Dinani n'kugwirabe batani la mausi mpaka kadzanja kasanduke kamtanda, kapena fikanipo ndi mabatani a mivi kuchokera pa selo yoyandikana.

Zonse za `#` ndi CELL ndazinenazi ndi za Excel wa pa kompyuta. Ngati fayilo mudzaitsegulira mu bulauza kapena pafoni, yesani malinki a m'kati musanagawire anzanu, chifukwa malangizo a Microsoft eni ake amanena kuti mu Excel wa pa intaneti HYPERLINK ndi wa maadiresi a webusaiti. Mukasamukira ku Google Sheets, malinki a kunja aja agwira monga alili, koma a m'kati muyenera kuwalembanso. Kumeneko tsamba silidziwika ndi dzina, limadziwika ndi nambala imene imaoneka kumapeto kwa adiresi mukalitsegula, pambuyo pa `gid=`. Nambalayi sisintha ngakhale musinthe dzina, ndiye vuto lanu loyamba kulibe. La mizere lilipobe, ndipo ROW ndi amene amalithetsa. Ikani nambala ya tsamba lanu m'malo mwa yachitsanzoyi:

```
=HYPERLINK("#gid=184302957&range=F"&ROW(Malichi!F40),Malichi!F40)
```

Onani kuti `&` woyamba ali m'kati mwa mitengero, ndi gawo la adiresi, pamene wachiwiri ali kunja, ndi wolumikiza. Mu LibreOffice Calc dzina la tsamba ndi selo zimalekanitsidwa ndi kadontho, `#Malichi.F40`.

Pa fayilo yanuyi ine ndingatenge njira ya CELL pa malinki khumi ndi awiri a pa Chidule, chifukwa mwaonetsa kale kuti mumasintha mayina a masamba ndi kuonjezera mizere. Chotsani kaye malinki akale a Ctrl+K podina kumanja n'kusankha Remove Hyperlink musanalembe mafomula m'maselo omwewo, kuti yakale isatsalire pansi pa yatsopano. Mukamaliza, sungani kope ina ya fayilo, mmenemo musinthe dzina la tsamba limodzi, muonjezere mzere pa lina, mudine onse khumi ndi awiri n'kuona kuti selo imene mwafikapo ili ndi nambala yofanana ndi ya pa Chidule.